Munthu wa pa Benchi Yakumbuyo

Kukhoti la milandu ya ntchito ankawatchula Mayi Wotchi, ngakhale palibe ankayerekeza kutero iwo akumva. Naini koloko ikakwana chitseko chinkatseguka, ndipo loya wochedwa ankapeza mlandu wake utakankhidwira mwezi wamawa. Anali ataweruza zaka khumi ndi zinayi popanda wowalozapo chala kuti akondera, ndipo ankanyadira zimenezi chamumtima.

Lachisanu limenelo analowa m'khoti atanyamula chigamulo cha masamba makumi atatu. Mlanduwo unali wa dalaivala wa folokolifiti, kagalimoto kokwezera katundu m'nyumba yosungiramo zinthu. Tsiku lina kagalimotoko kanagunda mashelefu, katundu n'kugwa, mnzake wa pantchito n'kuthyoka mwendo. Kampani inamuchotsa ntchito ndi kalata yonena kuti anali ataledzera. Dalaivalayo anakanitsitsa, ndipo nkhaniyo inakwawa zaka zitatu. Mboni yake yaikulu inali mkulu wina wosunga makiyi, amene anaima m'bokosi ali ndi chifuwa chosatha n'kulumbira kuti mabuleki anali atadandaulidwa katatu konse. Mkuluyo anamwalira patangotha miyezi iwiri. Mayi Wotchi anali atamuona ndi maso awo akuyankha mafunso a loya wa kampani osaphethira, ndipo anamukhulupirira. Pa tsamba lomaliza anali atalemba kuti dalaivalayo sanaledzere.

Atakhala pampando anakweza maso monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwa dalaivalayo kunali mayi wachikulire wovala juzi yobiriwira, fulasiki ili pamiyendo. Mayiyo atawaona anayasama, kenako nkhope yake inawala. Anagunda dalaivalayo, mwana wake, ndi chigongono, n'kukweza dzanja pang'ono ngati akupereka moni kutsidya la msewu.

Mutu wa Mayi Wotchi unaima. Ankawadziwa mayiwo kuposa mmene ankadziwira anzawo a m'maofesi oyandikana nawo.

"Chigamulo sichiwerengedwa lero," anatero. "Mbali zonse zibwerenso Lolemba, naini koloko."

Kalaliki wa khoti anawayang'ana ngati wamva wotchi ikulankhula zabodza.

Nkhani yake inali iyi. Amuna awo, amene anthu onse ankangowatchula Aphunzitsi chifukwa anaphunzitsa masamu mpaka kupuma, anali ndi impso zotopa. Lachitatu masana ndi Loweruka m'mawa ankawaika pa makina otsuka magazi kwa maola anayi. Operekeza ankadikira pakhonde, pa benchi yachitsulo yoyang'anizana ndi chitseko cha magalasi. Pa benchi imeneyo palibe ankafunsa mnzake dzina kapena ntchito. Munthu ankadziwika ndi wodwala wake: awa ndi a makina achitatu, awo ndi a makina achisanu. Mayi Wotchi ankavala nsapato zafulati n'kumangoti amagwira ntchito ya mapepala, ndipo ankasangalala kukhala munthu wamba kwa maola anayi.

Mayi a fulasiki anali a makina achisanu. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankawasungira malo poika chikwama, ndipo tiyi ankamwera chivundikiro chimodzi mosinthana. Mayiwo anali ndi nkhani imodzi imene inkabwerera ngati malungo. Mzime wawo anachotsedwa ntchito, akuti analedzera, mwana wosalawa n'dontho lomwe. Choipa kwambiri n'chakuti bambo ake, amene anali pa makinawo, anakhulupirira kalata ya kampani. Anati pepala la chidindo silinama, ndipo kuyambira tsikulo sanamulankhulenso mwanayo ngakhale kumuyankha moni.

"Akuti adzamulankhula akuluakulu akadzanena kuti sanaledzere," mayiwo ankatero. "Koma mukuwaona mmene akutheramu? Adikira zimenezo?"

Dzina la kampani sanalitchulepo, la khoti ayi. Ankangoti nkhani ili kwa akuluakulu. Anthu ochotsedwa ntchito chifukwa cha mowa Mayi Wotchi ankawaona mlungu uliwonse, choncho sanaganizire patali. Loweruka lina mayiwo akulira, iwo anawagwira dzanja n'kunena mawu amene aliyense wa chifundo akanawanena:

"Musalire, achemwali. Mabwana a masiku ano chinthu chikawonongeka amafuna wosauka woti amusenzetse. Mwana wanuyo akungomunamizira."

Loweruka lotsatira Lachisanu la kukhoti lija, Mayi Wotchi anaperekeza Aphunzitsi mpaka pachitseko cha kumbali, n'kubwerera kukakhala m'galimoto. Sakanatha kupita pa benchi. Dzuwa linakwera, galimoto inatentha ngati uvuni, koma kutsitsa galasi lonse ankaopa kuti juzi yobiriwira ingatulukire. Maola anayi anawathera mmenemo, thukuta lili kamukamu, munthu wamkulu akubisala ngati wakuba. Maganizo ankangozungulira malo amodzi. Ndani akudziwa? Pakhonde paja panalibe loya. Chigamulo anachilemba ndi umboni wa m'khoti, asanadziwe n'komwe kuti dalaivala ndi mwana wa ndani. Akanangochiwerenga Lolemba, Lachitatu bambo uja akanamugwira mwana wake dzanja.

Aphunzitsi anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, thonje lili pamkono. Atakhala pansi anati, "Anzanu aja amakufunsani. Akuti ali ndi nkhani yabwino, Mulungu wawayankha."

Mayi Wotchi sanalize injini. Anawauza amuna awo za benchi ndi za mawu aja, koma zimene zinali m'chigamulo sanazitchule.

"Ndiye vuto lili pati?" Aphunzitsi anafunsa. "Mwakondera?"

"Ayi."

"Basitu. Lizani galimoto, ndili ndi njala."

"Lamulo silifunsa ine, bambo. Woweruza aliyense angalumbire kuti mtima wake ndi woyera, ndipo ambiri amanena zoona. Koma mumtima mwa munthu palibe angalowemo ndi tochi. Ndiye lamulo limafunsa munthu wina."

"Ndani?"

"Munthu wongoyerekeza. Tinene kuti wakhala pa benchi yakumbuyo m'khoti. Si mbale wa dalaivala, si wa kampani. Ndi wamaganizo abwino, sathamangira kukayikira chilichonse, komanso si wogona woti chilichonse n'kuvomera. Auzidwe zonse zimene zachitika, osabisa kanthu. Ndiye funso n'lakuti, atamva zonsezo, kodi angaone kuti n'zothekadi kuti woweruzayu akondere? Sitifuna kuti atsimikize kuti ndakondera. Akangoona kuti n'zothekadi, ndiye kuti mlanduwo si wanganso."

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka zonsezi mumandinena kuti masamu anga ndi a anthu osaoneka, a uje anagula malalanje makumi asanu. Inunso muli naye wanu! Amadya kuti ameneyu?"

"Musandiseke, bambo. Ndagwira njakata."

"Chabwino. Ndine wopuma ntchito, nthawi ndili nayo. Ndikhale ine munthu wanuyo. Yambani."

"Woweruza ndi mayi wa wodandaula amadikira odwala awo pakhonde limodzi."

"Zachabechabe. Ndiye oweruza asamadwalitse? Mawa mudzati anakwera basi imodzi. Pitirizani."

"Amamwa tiyi limodzi. Miyezi isanu ndi itatu."

Aphunzitsi anakanda pamutu. "Akudziwa kuti ndi mayi wa wodandaula?"

"Sakudziwa."

"Ndikhoza kukweza nsidze, koma ndikhalabe pansi. Tiyi si chiphuphu. Kenako?"

"Wamva za mlanduwo kuchokera mbali imodzi, zinthu zoti sizinanenedwe m'khoti. Kuti mwanayo salawa mowa chibadwire. Kuti bambo ake akufa osamulankhula."

Mayi Wotchi anapitiriza.

"Ndipo iye mwini, ndi pakamwa pake, mlandu uli m'kati, anati mabwana amasenzetsa osauka, mwanayo akumunamizira."

Kunja munthu wina ankakankha njinga ya odwala yolira gudumu limodzi. Aphunzitsi anaitsatira ndi maso mpaka inakhota.

"Koma simunkadziwa," anatero motsitsa.

"Mukuyankha ngati mwamuna wanga. Munthu uja sanandikwatire."

"Munthu uja," Aphunzitsi anapumira m'mwamba, "angafunse kuti, pamene mayiyu ankawerenga fayilo Lolemba, misozi ya Loweruka ija anaisiya kuti? Angati mwina sanadziwe, koma mwina khutu linamva mtima n'kusunga." Anasisita thonje lija. "Ndipo pali china. Anzanu aja akuti Mulungu wawayankha. Chigamulo sanachimve. Angoona nkhope yanu basi, n'kudziwa kuti apambana. Ngati iwo akuganiza choncho, a kampani aganiza bwanji?"

Mayi Wotchi anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Panali chinthu china chimene chinkawadya. Tsiku lina pa benchi paja mayiwo anatchulapo mabuleki, ndipo kanthu kenakake kanagunda m'mutu mwa Mayi Wotchi. M'malo mofunsa, anatembenuza nkhani n'kuyamba za mtengo wa mankhwala. Sanafune kudziwa, chifukwa benchi ija inali malo okhawo kumene ankapumako. Anawauzanso amuna awo zimenezi.

"Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata," Aphunzitsi anatero. "Wanuwo wakutsatani mpaka kuntchito. Tiyeni kunyumba, mayi."

Lolemba m'khoti munali anthu ochepa. Mayi a fulasiki anavala diresi ya kutchalitchi. Mayi Wotchi sanayang'ane kumeneko. Anauza kalaliki kuti alembe liwu lililonse, kenako anafotokoza zonse mwadongosolo: khonde, miyezi, tiyi, zimene anamva, tsiku la mabuleki, ndi mawu awo aja monga momwe anawanenera. Kuwabwereza m'chipinda chimenecho, atavala mkanjo, kunali ngati kuvula pagulu.

"Ndilibe phindu lililonse pa mlanduwu, ndipo palibe mbale wanga mbali iliyonse," anamaliza. "Pakanakhala phindu kapena ubale, ndikanangochoka osafunsa munthu. Izi n'zina. Ndaulula kuti mbali zonse zidziwe. Ngati nonse, mutamva zonsezi, muvomera kuti ndipitirize, lamulo likulola. Ngati wina akana, ndimva zifukwa zake ndipo ndigamula."

Loya wa kampani anali mtsikana waulemu wa magalasi, amene zaka zitatu zonsezo sanachedwepo. Anapempha ola limodzi kuti akafunse omutuma. Ola limenelo Mayi Wotchi analithera mu ofesi yawo, chitseko chotseka, chigamulo chili m'dirowa. Anapemphera pemphero limene woweruza sayenera kupemphera, loti kampani ivomere.

Sinavomere.

"Olemekezeka," mtsikanayo anatero atabwerera, "sitikunena kuti mwakondera. Ineyo pandekha sindingayerekeze. Koma funso si la ine kapena inu. Woweruza wanena kunja kwa khoti, kwa mayi wa wodandaula, kuti wodandaulayo akunamiziridwa, pamene funso lokhalo la mlanduwu n'lakuti akunamiziridwa kapena ayi. Wamvanso zinthu zimene ife sitinapatsidwe mpata woziyankha. Munthu wosakondera atamva zimenezi angaone kuti kukondera n'kothekadi. Tikupempha kuti mlanduwu muusiye."

Loya wa dalaivala, bambo wonenepa wa bungwe la antchito, anadzuka mpando n'kugwa kumbuyo kwake.

"Olemekezeka, woweruza sathawa mlandu chifukwa choti mbali ina yatsinzinira! Muli ndi udindo womaliza zimene munayamba. Munalumbira kuweruza mopanda mantha ndi mopanda tsankho, ndipo munthu wanzeru uja amadziwa kulemera kwa lumbiro limenelo. Mawu aja munkatonthoza mayi wolira, osadziwa mwana wake. Ndani muno sananenepo mawu otere pamaliro kapena kuchipatala? Komanso taonani, zaka zitatu! Mboni yathu ili kumanda. Woweruza watsopano adzangoona mapepala, ngati adzawalole n'komwe, sadzamuona munthuyo m'maso. Awa akufuna kuyambiranso chifukwa akudziwa kuti wosunga makiyi sadzadzukanso."

Mwina zinali zoona. Mayi Wotchi anayang'ana kumbuyo kwa khoti. Benchi yomaliza inali yopanda munthu, kupatula ambulera imene wina anaiiwala. Anayesa ndi mphamvu zawo zonse kumukhazika pamenepo munthu uja ali wokhutira, akugwedeza mutu kuti pitirizani, mayi. Ankakhala bwinobwino mpaka pa tiyi. Akafika pa mawu aja ndi tsiku la mabuleki, ankayamba kusuntha pampando.

"Ndamva mbali zonse," anatero. "N'zoona kuti woweruza sayenera kusiya mlandu pa zifukwa zopanda mutu, apo ayi anthu azisankha okha owaweruza. Kukhala khonde limodzi la chipatala si chifukwa. Zikanathera pomwepo ndikanakana pempholi. Koma ndinamva mbali imodzi kunja kwa khoti, ndipo ndinanena maganizo anga pa funso lenileni la mlanduwu. Zoti ine ndikudziona wosakondera sizithandiza, chifukwa muyeso wake si mtima wanga. Munthu wamaganizo abwino, wodziwa zonsezi, angaone kuti n'zothekadi kuti ndikondere. Zikafika pamenepo, kuchedwa kwa mlandu ndi imfa ya mboni, ngakhale zikupweteka, sizingasinthe yankho. Ndipo chigamulo choperekedwa motere chikhoza kudzagwetsedwa pa apilo kukhoti lalikulu, zaka zina zitapitanso. Mlanduwu ndausiya. Fayilo ibwerere ku ofesi kuti ipatsidwe woweruza wina, ndipo ndikupempha kuti iikidwe patsogolo."

Ankadziwa kuti patsogolo pa khoti limenelo ndi chaka chamawa. Dalaivala anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinagunda tebulo. Mayi ake ankayang'ana uku ndi uku, kudikira wina awamasulire. Kalaliki atati onse aimirire, iwo okha anatsala chikhalire.

Masana amenewo Mayi Wotchi anatulutsa masamba makumi atatu aja n'kuwalowetsa m'makina odula mapepala, atatuatatu, chifukwa makinawo ankatsamwa akapatsidwa ambiri. Tsamba lomaliza analilowetsa chadodolido kuti asaliwerenge.

Lachitatu anafuna kudikiranso m'galimoto, koma Aphunzitsi anadzuka ofooka moti anafunika kuwagwira mkono mpaka pabedi. Potuluka panalibe njira ina koma khonde lija. Mayi a fulasiki anali pamalo awo. Chikwama chinali pa benchi, pambali pawo, monga kale.

"Khalani," anatero osawayang'ana.

"Sindiyenera, achemwali."

"Mlandu munausiya. Benchinso mwaisiya?"

Mayi Wotchi anakhala m'mphepete. Kudzera pa chitseko cha magalasi ankaona makina achisanu, ndi bambo wowonda atatseka maso, machubu ofiira akutuluka pamkono.

"Loya uja wandifotokozera," mayiwo anatero. "Akuti pali munthu wina amene sanakhutire. Ndinamufunsa kuti ali kuti ndikamugwadire, akuti kulibe, ngongoganizira." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye mwana wanga wagwa chifukwa cha pakamwa panga. Ndikanakhala wodzisungira nkhani ngati anthu ena, bwenzi pano zitatha."

"Si inu. Ndine. Ndinayenera kufunsa tsiku lija, ndipo sindinafunse. Pepani."

"Pepani sapoletsa chilonda, mayi." Anatsegula fulasiki, n'kuitsekanso osathira. "Adokotala andiitana dzulo. Akuti mtima wa bambowa sukulolanso makina. Mwina mwezi, mwina iwiri."

Mayi a fulasiki anawatembenukira.

"Sindikupemphani ntchito yake. Ntchito ipite. Ndikupemphani liwu limodzi. Inu munamva mboni zonse, munaona mapepala onse. Bambowa amakhulupirira akuluakulu, ndipo wamkulu woposa inu sadzamuonanso. Tilowe limodzi, muime pabedi paja, muwauze zimene munapeza. Palibe adzamve. Analedzera kapena sanaledzere?"

Yankho linali pa lilime, lathunthu, ndi nambala ya tsamba lomwe. Koma chimene anapeza chinali chitasiya kukhala chigamulo Lolemba lija. Mlandu unali m'manja mwa woweruza wina. Liwu la pabedi likanafika kwa dalaivala madzulo omwewo, mawa kwa loya wake, mkuja kwa kampani, ndipo aliyense akanati woweruza woyamba anali atalonjeza kale banjalo, n'chifukwa chake akuyendera bambo kuchipatala. Likanadetsa umboni wa wosunga makiyi, chinthu chokhacho chimene dalaivala anatsala nacho.

"Sindingathe," anatero.

"Pajatu munanena. Pompano, pa benchi pomwe pano, mutandigwira dzanja. Munati akumunamizira."

"Tsiku lija ndinali munthu wamba wosadziwa kanthu."

"Ndiye posadziwa munanena, lero mukudziwa mwatseka pakamwa?"

"Inde, achemwali."

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali, kufunafuna pankhope pawo kanthu koti akapereke kuchipinda kuja, kaya kugwedeza mutu, kaya kuphethira. Mayi Wotchi anaumitsa nkhope ngati ali m'khoti, ndipo zinawapweteka kuposa chilichonse chimene anachitapo pa ntchito imeneyo.

Mayi a fulasiki ananyamula chikwama chawo n'kuchiika pamiyendo. Kenako anadzuka, n'kukakhala pa benchi ya tsidya lina, pafupi ndi chitseko, pomwe ankatha kuwaona bwino amuna awo. Pa wotchi ya pakhoma panali patatsala maola atatu ndi theka.